Bilu ya wopambana mlandu iyenera kudulidwa, ndipo adziwe zimenezi asanasumire

Jaji akamaliza kuwerenga chigamulo pa mlandu wa pakati pa anthu, monga wa ngongole, wa malo kapena wa mgwirizano umene wina waphwanya, pamapeto pamakhala chiganizo chimodzi chachifupi chimene ambiri sachimvetsera, chifukwa maganizo awo amakhala atathera kale pa funso la amene wapambana. Chiganizocho chimati wogonja alipire ndalama zimene mnzake wawononga poyendetsa mlanduwo, ndipo ngati awiriwo sagwirizana kuti ndi zingati, khoti lidzaziwerengera lokha. Wopambana amatuluka akukhulupirira kuti ndalama iliyonse imene anapatsa loya wake ibwerera m'thumba. Patapita miyezi amadzaona kuti zimene zabwera ndi zocheperapo, nthawi zina zocheperatu, ndipo amadandaula kuti khoti lamupatsa ndi dzanja limodzi n'kumulanda ndi linzake. Ine ndikuona kuti kudula bilu ya wopambana si kulakwitsa ayi, ndipo kuti popanda kudulako lamulo lakuti wogonja alipire silikanayenera kukhalapo n'komwe. Cholakwika chili pena: munthu amauzidwa za kudulaku mochedwa, ndalama zake zitapita kale.

Si maiko onse amene amalipiritsa wogonja. Ku England, ndi m'maiko ambiri amene anatengera malamulo awo kumeneko, mfundo yake ndi yakuti ndalama za mlandu zimatsatira chigamulo, ndipo ku England mfundoyi inalembedwa mu gawo 44 la malamulo oyendetsera milandu ya pakati pa anthu a mu 1998, omwe anayamba kugwira ntchito mu Epulo 1999. Gawo lomwelo limapatsa jaji mphamvu yogamula mosiyana akaona khalidwe la mbali ziwirizo, akaona kuti wopambana wapambana mfundo zina zokha, kapena akaona kuti panali mwayi wogwirizana umene wina anaukana. Ku United States zinthu ndi zosiyana, pakuti kumeneko aliyense amalipira loya wake, wapambana kaya wagonja, pokhapokha ngati pali lamulo lapadera kapena mgwirizano wonena zina, ndipo khoti lalikulu la dzikolo linatsimikiza mfundo imeneyi mu 1975 pa mlandu wa Alyeska. Amene amakonda njira ya ku America amanena zomveka: munthu wosauka amene ali ndi dandaulo lenileni sangalimbe mtima kusumira kampani yaikulu ngati akudziwa kuti akapunthwa adzasenza bilu ya maloya a kampaniyo. Koma njirayo imasiya munthu amene wasumiridwa popanda chifukwa ali ndi ngongole ya loya ngakhale khoti litanena kuti analibe mlandu, ndipo imachititsa kuti wobwereka ndalama azikana dala kubweza podziwa kuti kumusumira kudya gawo lalikulu la ngongoleyo. Pa zifukwa ziwirizi ndimaima ndi lamulo lakuti wogonja alipire. Funso lovuta ndi lakuti alipire zingati, ndipo yankho lake limapezeka pa ntchito yowerengera, imene anthu ochepa okha anaionapo ndi maso.

Ntchitoyi imayamba ndi bilu. Loya wa wopambana amalemba chilichonse chimene chinachitika pa mlanduwo kuyambira tsiku limene anaulandira: kalata iliyonse, msonkhano uliwonse, maola amene anatha polemba zikalata za kukhoti, dzina ndi udindo wa amene anagwira ntchitoyo, ndi mtengo wake pa ola. Pambali pake amalemba ndalama zimene zinatuluka m'manja kupita kwa ena, monga zolipira kukhoti potsegula mlandu, za katswiri amene anapereka umboni, ndi za maulendo a mboni. Ku England bilu imeneyi iyenera kutumizidwa kwa wogonja pasanathe miyezi 3 chigamulo chitaperekedwa, ndipo wogonjayo amakhala ndi masiku 21 oti alembe mfundo zimene akutsutsa, mzere ndi mzere. Apa ndi pamene ambiri amadzipweteka okha. Munthu amene wangogonja amakhala wotopa ndi wokhumudwa, safuna kuonanso envulopu yochokera kwa loya wa mdani wake, ndipo akakhala chete masiku 21 aja n'kutha, mnzakeyo angathe kupempha khoti chikalata chomulamula kulipira bilu yonse monga momwe inalembedwera, popanda wina kuiunika. Kale ntchito yowerengerayi inkatchulidwa ndi mawu a Chingelezi ofanana ndi a msonkho, ndipo m'maiko ena dzinalo likadalipo, koma palibe msonkho uliwonse umene boma limatolera pamenepa; ndi kusefa bilu basi, ndipo amene amasefa ndi jaji wa zimenezi kapena rejisitala wa khoti.

Tiyerekeze mlandu umodzi, ndipo ziwerengero zake ndi zongosonyezera mmene masamu amayendera. Mayi wina wabizinesi analemba ganyu kontilakitala kuti amumangire nyumba yosungiramo katundu, denga linayamba kudontha, katundu anawonongeka, ndipo mayiyo anasumira kontilakitalayo kuti amulipire mapaundi 300,000. Khoti linagamula kuti kontilakitala analakwadi, koma linati chipukutamisozi choyenera ndi mapaundi 180,000, ndipo linalamula kuti kontilakitalayo alipirenso ndalama za mlandu. Bilu ya maloya a mayiyo inafika mapaundi 125,000. Mmenemo munali maola 200 a loya wamkulu pa mtengo wa mapaundi 400 pa ola, omwe ndi mapaundi 80,000, maola 100 a loya wamng'ono pa mapaundi 200 pa ola, omwe ndi 20,000, mapaundi 15,000 a injiniya amene anayeza denga, ndi mapaundi 10,000 amene analipidwa kukhoti potsegula mlandu.

Pa tsiku lowerengera mulibe mboni kapena chinamtindi cha anthu. Pamakhala tebulo, mafaelo a mlandu, maloya awiri, ndi wowerengera amene ali ndi cholembera m'manja. Amayamba ndi mtengo wa pa ola, ndipo funso lake silikhala lakuti kodi mayiyo anavomera kulipira mapaundi 400, chifukwa anavomeradi ndipo ndi ufulu wake kusankha loya wodula. Funso ndi lakuti kodi mlandu wa denga lodontha unkafunika loya wa mtengo umenewo, ndipo wowerengera ataona kuti maloya odziwa bwino milandu yotere amalipiritsa mapaundi 300, anatsitsa mtengowo kufika pamenepo. Kenako anapita ku maola. Anapeza maola 40 amene loya wamkulu anatha akusanja malisiti ndi makalata motsatira masiku, ntchito imene loya wamng'ono akanaigwira bwinobwino, choncho sanawakane maolawo koma anawasamutsira ku mtengo wa mapaundi 200. Atafika pa mzere wongolembedwa kuti "kukonzekera mlandu, maola 18", anakweza maso n'kufunsa kuti, "Kodi pa maola amenewa, a loya, munakonza chiyani, ndipo zolemba zake zili pati mu faelo?" Loyayo anatembenuza mapepala osapeza kanthu, ndipo cholembera chinadutsa pa mzerewo. Maola ena 12 anagwa chifukwa anali a pempho lina la pakati pa mlandu limene mayiyo anagonja, ndipo jaji anali atagamula kale kuti ndalama za pempho limenelo asazitenge kwa mnzake. Injiniya uja analemba malipoti awiri, koma lachiwiri silinagwiritsidwe ntchito m'khoti, motero mapaundi 5,000 anachotsedwa. Za kukhoti zinasiyidwa momwemo, popeza risiti yake inalipo ndipo panalibe njira yozipewera.

Zotsala ndi izi: maola 130 a loya wamkulu pa mapaundi 300 ndi 39,000, maola 140 pa mapaundi 200 ndi 28,000, injiniya 10,000, khoti 10,000, ndipo zonse pamodzi ndi mapaundi 87,000. Mapaundi 38,000 amene adulidwa sanafafanizike. Mayiyo ayenera kuwalipirabe kwa maloya ake malinga ndi mgwirizano wawo, kutanthauza kuti pa mapaundi 180,000 amene anapambana, amene atsale m'manja mwake ndi 142,000.

Wina anganene kuti pamenepa palibe chilungamo, chifukwa mayiyo sanafune mlandu, anachita kukankhidwira kukhoti ndi munthu amene anamanga denga loipa n'kukana kulikonza, ndiye n'chifukwa chiyani ataye mapaundi 38,000 pofuna zake zomwe? Kudandaulaku sindikukupeputsa. Koma tiyeni tione bilu yomweyo ndi maso a kontilakitala. Iye sanasankhe loya wa mayiyo, sanakambirane naye mtengo, sanali ndi mawu pamene loya wamkulu anaganiza zosanja yekha malisiti, ndipo sakanatha kuletsa lipoti lachiwiri la injiniya. Munthu amene akuwononga ndalama podziwa kuti wina ndiye adzalipire sakhala ndi chifukwa chodziletsa, ndipo lamulo likanati wogonja abweze chilichonse, mbali yolemera ikanagwiritsa ntchito bilu ngati chibonga: kulemba maloya asanu, kuitana akatswiri atatu, n'kuuza mdani wake kuti aganizire bwino zimene zimugwere akagonja. Kulakwa pa denga kuli ndi mtengo wake umene khoti lagamula kale, ndipo ndalama za mlandu si chilango chachiwiri. N'chifukwa chakenso pali mfundo yakuti wopambana sangatenge kwa wogonja ndalama zoposa zimene iyeyo ayenera kulipira loya wake. Bilu si malo opangirapo phindu.

Chimene chimalamulira cholembera cha wowerengera ndi funso lakuti chikayiko chikabuka, chikomere ndani. Pa njira ya masiku onse, wowerengera akakayika ngati ntchito ina inali yofunika kapena ngati mtengo wake unali woyenera, amakomera wolipira, ndipo ndi mmene maola 18 aja anagwera: loya sananame mwina, koma analephera kuonetsa. Pali njira yachiwiri, yolemera, imene khoti limalamula pamene wogonja anachita zoposa kungogonja, monga kubisa zikalata, kunena bodza kapena kuumirira mlandu umene ankadziwa kuti ulibe mutu. Pa njira imeneyo chikayiko chimakomera wolandira, ndipo mzere wa maola 18 ukanatha kupulumuka pokhapokha wolipira ataonetsa kuti unali wopitirira muyezo. Kusiyanitsa kumeneku ndimakuona kwanzeru, chifukwa kumalekanitsa munthu amene anali ndi mfundo yomveka koma sinapambane ndi munthu amene anaseweretsa khoti. Kuyambira mu Epulo 2013, potsatira kafukufuku wa jaji Rupert Jackson, malamulo a ku England anawonjezera mphamvu ya mfundo ina pa njira ya masiku onse: ndalama ziyenera kulingana ndi kukula kwa mlandu, ndipo bilu ingadulidwe ngakhale ntchito yonse inali yofunika, ngati chiwerengero chonse chatalikirana kwambiri ndi chimene ankalimbirana. Apa ndiye ndili ndi nkhawa pang'ono. Mzere uliwonse umene wadulidwa uli ndi chifukwa chimene loya angachitsutse, koma wowerengera akafika pansi n'kunena kuti mapaundi 87,000 achulukabe pa mlandu wa 180,000, ndiye atsike kufika 70,000, zimavuta kudziwa kumene chiwerengero chatsopanocho chachokera, ndipo owerengera awiri angathe kufika pa ziwerengero zosiyana kwambiri pa bilu imodzi.

Tsopano tisinthe chinthu chimodzi chokha pa mlandu wa denga uja. Tinene kuti mlandu utangoyamba, kontilakitala analembera mayiyo kalata yomulonjeza mapaundi 200,000 kuti nkhani ithe, kalata imene jaji saloledwa kuiona mpaka atagamula, ndipo mayiyo anakana chifukwa maso ake anali pa 300,000. Njira imeneyi inatchuka kuchokera pa mlandu wa Calderbank wa mu 1975, womwe unali wothetsa ukwati, ndipo lero ku England ili ndi malamulo ake mu gawo 36 la malamulo a mu 1998 aja. Popeza khoti lapatsa mayiyo mapaundi 180,000, omwe ndi ochepa kuposa amene anakana, iye amalandira ndalama za mlandu za nthawi yokhayo kalatayo isanathe mphamvu, yomwe kawirikawiri ndi masiku 21, ndipo kuchokera pamenepo ndi iyeyo amene amalipira maloya a kontilakitala. Tinene kuti za nthawi yoyambayo zawerengedwa kukhala mapaundi 25,000, ndipo za kontilakitala za nthawi yotsatira ndi 70,000. Mayiyo walandira 180,000 ndi 25,000, koma akulipira maloya ake 125,000 ndi a mnzake 70,000, ndipo akutsala ndi mapaundi 10,000, tisanawerengere chiwongoladzanja. Pa pepala iye ndiye wopambana mlandu. Akanavomera kalata ija akanatenga mapaundi 200,000 pamodzi ndi ndalama za loya za mpaka tsikulo. Lamuloli ndi lowawa, koma sindiona chifukwa cholitsutsira, pakuti chaka chonse cha mlandu chimene chinatsatira kalatayo chinachitika chifukwa cha kukana kwa mbali imodzi, ndipo sichinabweretse kanthu kena koposa zimene zinali kale patebulo.

Apa ndi pamene pali dandaulo langa lenileni. Masamu onsewa loya wodziwa ntchito amawadziwa tsiku loyamba. Amadziwa kuti mtengo wake wa pa ola sudzavomerezedwa wonse, amadziwa kuti bilu imabwerera itachepa, ndipo amadziwa chimene kalata yolonjeza ndalama ingachite. Kasitomala ndiye amene sadziwa, ndipo mawu akuti "tikapambana adzalipira ndi iwowo" ndi oona mokwanira kuti loya asatchedwe wabodza, koma ndi osakwanira kuti munthu asankhe mwanzeru. Ndikuona kuti loya aliyense ayenera kukakamizidwa kulembera kasitomala wake, mlandu usanatsegulidwe, ziwerengero zitatu: zimene mlandu udzadye mpaka pa chigamulo, gawo limene angayembekezere kubwezeredwa akapambana, ndi zimene adzalipire mbali inayo akagonja. Kalata yolonjeza ndalama ikafika, ziwerengerozo zilembedwenso pambali pa ndalama zolonjezedwazo. Ku England anayesa kuyandikira zimenezi mu 2013 pokhazikitsa bajeti ya mlandu, imene mbali iliyonse pa milandu yaikulu imapereka kukhoti koyambirira, jaji n'kuivomereza kapena kuidula, ndipo wowerengera sachoka pa bajetiyo popanda chifukwa chomveka. Maloya amadandaula kuti kukonza bajeti nakonso kumadya maola, ndipo akunena zoona, koma ndi bwino kukangana za ndalama zisanawonongedwe kusiyana ndi kukangana za ndalama zimene zapita kale.

Ku Germany anapita patali kuposa pamenepo. Kumeneko wogonja amalipira, koma zimene amabweza pa loya wa mnzake zimatsatira mndandanda wa mitengo umene lamulo linakhazikitsa potengera kukula kwa ndalama zimene akulimbirana, ndiye munthu angathe kuwerengera ngozi yake asanasumire. Amene walonjeza loya wake zoposa za pa mndandandawo amalipira yekha zapamwambazo. Kuwonjezera apo, ndalama za mlandu zimagawidwa malinga ndi mmene aliyense wapambanira, kotero mayi wathu amene anafuna 300,000 n'kupeza 180,000 akanasenza magawo 40 pa 100 a ndalama zonse za mlandu, ndipo kontilakitala akanasenza 60. Izi zimaphunzitsa wodandaula kusakokomeza chimene akufuna. Vuto lake ndi lakuti mlandu wa ndalama zochepa ungakhale wovuta kwambiri, ndipo mndandanda suona kuvutako. England nayo, kuyambira mu Okutobala 2023, inafalitsa mitengo yokhazikika ku milandu yambiri yosapitirira mapaundi 100,000, chizindikiro chakuti ngakhale kwawo kwa kusefa mzere ndi mzere aona kuti pa milandu yaing'ono ntchito yosefayo imadya ndalama zambiri kuposa zimene imapulumutsa.

Pali mtundu umodzi wa milandu umene lamulo lakuti wogonja alipire siliyenera kuugwira monga ena, ndipo khoti loona za malamulo aakulu a dziko la South Africa linaufotokoza bwino mu 2009 pa mlandu wa Biowatch. Bungwe la Biowatch, loteteza chilengedwe, linasumira boma pofuna kuti lipatsidwe uthenga wokhudza mbewu zosinthidwa chibadwa, linapambana mfundo zambiri, koma khoti loyamba silinalamule boma kulibwezera ndalama, ndipo linalilamula kuti lilipire ndalama za kampani ya Monsanto imene inalowa nawo mlanduwo. Khoti lalikululo, m'chigamulo chimene analemba jaji Albie Sachs, linathetsa lamulo limenelo n'kukhazikitsa mfundo yakuti munthu amene wasumira boma moona mtima pofuna kuteteza ufulu wa m'malamulo aakulu a dziko, akagonja asalipire ndalama za boma, koma akapambana boma limubwezere. Chifukwa chake n'chakuti pa mlandu wotere wodandaula safuna phindu la m'thumba mwake, ndipo chigamulo chimathandiza anthu ambiri amene sanalipire kalikonse. Chitetezochi chili ndi malire, popeza sichiphimba mlandu wachibwana kapena wongofuna kuvutitsa, ndipo sichikhudza mayi wathu ndi kontilakitala wake, amene mkangano wawo ndi wa denga ndi ndalama zawo okha.

Mapaundi 87,000 aja akalembedwa pa chikalata cha khoti amasanduka ngongole ngati ina iliyonse, ndipo ngati kontilakitala watseka kampani yake kapena alibe katundu woti n'kugwidwa, mayiyo adzatsala ndi pepala, pamene maloya ake adzafunabe mapaundi 125,000 onse. Wosumiridwa ali ndi chida chimene wodandaula alibe, chifukwa angathe kupempha khoti kuti wodandaula, makamaka ngati ndi kampani yooneka kuti singathe kulipira, aikiretu ndalama za chikole mlandu usanapite patali. Wodandaula alibe pempho lofanana nalo, ndipo chimene angachite ndi kufufuza, asanalipire mapaundi 10,000 otsegulira mlandu, ngati amene akufuna kumusumirayo ali ndi chuma kapena inshuwalansi yokwanira kulipira chipukutamisozi pamodzi ndi bilu.